“Ndilibe ndalama” ali ndi matanthauzo angapo: mmene tinasandutsira macheza 18 a pamjigo kukhala tebulo la mitu

Ntchito imeneyi tinaigwira awiri, ine ndi mnzanga amene ndimayenda naye kumidzi tikamachita kafukufuku. Bungwe lina loona za madzi linatituma kukafufuza chifukwa chimene anthu ena a m'midzi itatu ya m'chigawo chapakati analekera kusonkha ndalama ya mjigo. Mijigo yake ndi ya mtundu wa Afridev, ija ili ponseponse m'dziko muno, ndipo pangano la m'midzi yonseyo linali lakuti khomo lililonse lizipereka K500 pamwezi ku komiti, kuti rabala ikatha kapena ndodo ikaduka pakhale pogwira. Pamene tinkafika, mijigo iwiri inali itakhala miyezi osatulutsa madzi, wachitatu unali kugwira ntchito. Otitumawo sankafuna lipoti lalitali. Ankafuna tebulo la tsamba limodzi kapena awiri loonetsa mitu ikuluikulu ya zimene anthu ananena, ndi mawu enieni a anthuwo oimira mutu uliwonse.

Tinacheza ndi anthu 18, mmodzimmodzi, 6 pamudzi uliwonse: otunga madzi 12, mamembala a komiti 4 ndi amisiri okonza mijigo 2. Macheza ake ankatenga pafupifupi mphindi 40, choncho tinabwerako ndi mawu a maola 12 mu rekoda. Ine ola limodzi la mawu limandidyera maola ngati 6 kuti ndililembe bwino, makamaka ngati tinachezera panja pamene mphepo ndi atambala akupikisana ndi wolankhula. Tinagawana ntchitoyo ndipo inatitengera milungu iwiri.

Tinalemba m'chinenero chimene anthu analankhula

Otitumawo ankafuna tebulo la m'Chingelezi, ndipo njira yachidule ikanakhala kumvera rekoda n'kumalemba Chingelezi nthawi yomweyo. Ambiri amatero pofuna kupulumutsa nthawi. Ife tinakana. Tinalemba Chichewa monga chinatulukira pakamwa, ndi “eee” wake yemwe, kuseka, kukhala chete, komanso funso lililonse la wofunsa mmene analifunsira. Kumasulira tinakusiyira kumapeto, ndipo tinamasulira mawu okhawo amene analowa m'tebulo.

Chifukwa chake nachi. Mayi wina atafunsidwa kuti ndalama zosonkhedwa zimapita kuti, anati, “Aaa, amadziwa okha eni akewo,” n'kuseka pang'ono. Womasulira wothamanga amalemba kuti a komiti ndi amene amadziwa za kayendetsedwe ka ndalama, ndipo wowerenga amaona ngati mayiyo akungofotokoza udindo wa komiti. Koma aliyense amene anakulira kuno akudziwa kuti pamenepo munthu wapatsidwa mlandu. Mawu oterowo akangosalazidwa asanasanthulidwe, sungawabwezeretsenso.

Munthu aliyense tinamupatsa chizindikiro: chilembo cha mudzi ndi nambala, kuyambira A01 mpaka C06. Kenaka mufayilo iliyonse tinaika nambala pa nthawi iliyonse imene wina wayamba kulankhula. B03:58 ndiye kuti mudzi B, munthu wachitatu, malo a 58. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito Line Numbers ya mu Word, koma manambala amenewo amasuntha ukangosintha kukula kwa zilembo kapena ukatsegula fayilo pa kompyuta ina, ndipo tsiku lina ndinapeza kuti mzere umene ndinkauloza sulinso pamalo pake. Nambala yolemba pamanja kutsogolo kwa ndime sisuntha.

Kudula zidutswa ndi kuika makhodi

Tisanaike khodi iliyonse, aliyense anawerenga mafayilo onse 18 kamodzi, osalemba kanthu kupatula timaganizo ta m'mbali. Virginia Braun ndi Victoria Clarke, amene mu 2006 anafotokoza njira yosanthulira mitu m'magawo 6, amaika kuzolowerana ndi zolembedwa pachiyambi penipeni, ndipo sanalakwitse. Gawo limeneli ndi limene anthu amalidumpha nthawi ikachepa.

Khodi ndi dzina lalifupi limene umapatsa chidutswa cha mawu, losonyeza chimene chidutswacho chikunena pa funso la kafukufuku. Chidutswa chingakhale chiganizo chimodzi kapena ndime yonse. Chimathera pamene ganizo lathera. Mapulogalamu a ntchitoyi alipo, monga NVivo, ATLAS.ti ndi MAXQDA, komanso Taguette imene ndi yaulere, koma pa macheza 18 ife tinangogwiritsa ntchito Excel. Tsamba loyamba tinalitcha Zidutswa, ndipo linali ndi makolamu 6: Munthu, Gulu, Malo, Mawu, Khodi ndi Ndemanga. Lamulo lake linali limodzi: mzere umodzi, khodi imodzi. Chidutswa chikayenera makhodi awiri, timachilemba kawiri. Zimaoneka ngati kuwononga malo, koma ukaunjika makhodi awiri m'kabokosi kamodzi, kuwerengetsa kumakukanika kutsogoloku.

Tinayamba ndi mafayilo atatu, amodzimodziwo, aliyense payekha, kenaka tinakhala pansi n'kuyerekeza. Tinasiyana kwambiri. Pamene bambo wina ananena kuti anyamata oumba njerwa amatunga migolo yambiri osalipira, ine ndinalemba NJERWA, mnzanga analemba ENA-SASONKHA. Yake inali yabwino, chifukwa yanga inkangotchula chinthu, pamene yake inkanena chimene chikumupweteka bamboyo. Kuchokera pa kukambirana kumeneko tinalemba buku la makhodi: dzina la khodi, tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi, pamene iyenera kugwiritsidwa ntchito, pamene siyenera, ndi chitsanzo chimodzi. Mayina a makhodiwo tinawaika pa mndandanda wa Data Validation kuti tizingosankha osati kulemba, pakuti kampata kamodzi kosaoneka kumapeto kwa dzina kamapangitsa Excel kuona makhodi awiri pamene pali imodzi.

Titamaliza mafayilo onse tinali ndi mizere yoposa 600 ndi makhodi 31.

Khodi imene inameza zonse

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene tikanapereka yankho labodza tili ndi mtima woyera.

Khodi yaikulu kuposa zonse inali NDALAMA-PALIBE. Inali ndi zidutswa 61 zochokera kwa anthu 15 mwa 18. Tanthauzo lake m'buku la makhodi linali lakuti wolankhula akunena kuti iye kapena anzake sasonkha chifukwa alibe ndalama. Madzulo a tsiku limene tinamaliza kuika makhodi mutu woyamba wa tebulo unali utadzilemba wokha m'mutu mwanga: umphawi. Ndipo ndani akanatsutsa? Midziyo ndi yosaukadi, ndipo otitumawo ankayembekezera kumva zomwezo.

Chimene chinandiimitsa ndi mudzi C. Kumeneko mjigo unali kugwira ntchito ndipo anthu ambiri anali kusonkha, koma khodiyi inali yodzaza kumenekonso mofanana ndi midzi inayo. Ngati chifukwa chikupezeka mofanana kumene vuto lilipo ndi kumene kulibe, ndiye kuti chifukwacho sichikufotokoza vutolo. China chake chinali chitabisala pansi pa khodiyo.

Khodi yotupa imadziwika ndi zizindikiro zingapo. Imakhala yaikulu kuwirikiza kangapo inzake yotsatira. Ukasefa mizere yake yokha n'kuiwerenga motsatizana, umamva kuti anthu akugwiritsa ntchito mawu amodzi koma sakukamba nkhani imodzi. Ndipo ukafuna kusankha mawu amodzi oimira onse, aliwonse amene wasankha amaoneka kuti akusiya theka la anzake kunja. Zonse zitatu zinalipo.

Vuto linayambira pa kudula. Tinkadula chidutswa pamene mawu akuti “ndalama palibe” athera, n'kutaya zimene zinali kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Choncho tinabwerera ku mafayilo, ndipo pa chidutswa chilichonse mwa 61 tinawerenga funso limene linachitsogolera ndi mayankho awiri otsatira. Kolamu ya Malo ndi imene inatipulumutsa, pakuti popanda manambala aja tikanafufuza masiku ambiri. Nachi chitsanzo, B03 kuyambira malo a 55:

Wofunsa: Nanga mwezi wathawu munasonkha?
B03: Ayi, ndalama ndinalibe.
Wofunsa: Zinavuta?
B03: Zinavuta eee. Komanso ngakhale ndikhale nayo, ndipereke kuti ikatani? Chaka chatha tinasonkha miyezi yonse, mjigo utafa akuti m'thumba mulibe kanthu. Ndiye ine ndizingodyetsa anthu?

Mu Excel tinali titalemba mawu atatu okha, “Ayi, ndalama ndinalibe.” Ndi yankho laulemu limene munthu amayamba nalo pamaso pa mlendo. Chifukwa chenicheni chinabwera pambuyo pa “komanso”. Titazindikira zimenezi tinayamba kuona kuti anthu ambiri amalankhula chimodzimodzi: amayamba ndi chosakhumudwitsa munthu, ndipo akaona kuti wofunsa sakuthamanga, amatulutsa chimene chili kumtima.

Tinapezanso cholakwa chathu ife ofunsa, ndipo chinali changa kwambiri kuposa cha mnzanga. M'malo angapo ndinafunsa kuti, “Ndiye vuto ndi ndalama eti?” ndipo munthu anangoti, “Eee, ndalama.” Amenewo si mawu a munthuyo, ndi anga amene wandibwezera mwaulemu. Tikanakhala kuti sitinalembe mafunso m'mafayilo, sitikanadziwa n'komwe.

Zidutswa 61 zija zinagawika motere. Zokwana 9 tinazichotsa chifukwa zinali zongovomera funso lotsogolera. Zokwana 18 zinali za kusowadi ndalama, ndipo pafupifupi zonse zinkatchula nyengo: Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo kangachepe ka ganyu kakupita ku ufa. Zimenezi tinazitcha KUSOWA-KWA-NYENGO. Zokwana 24 zinali ngati za B03, ndipo zinakhala SAKHULUPIRIRA-KOMITI. Zina 7 zinali za anthu amene akuti sangapereke pamene ena akutunga ulere, ndipo zinasamukira ku khodi ija ya ENA-SASONKHA. Zitatu zotsala sitinathe kuziika paliponse. Khodi ya NDALAMA-PALIBE tinaifafaniza m'buku la makhodi, ndipo tinaonjezera lamulo lakuti chidutswa chilichonse chokamba chifukwa chosasonkhera chidulidwe pamodzi ndi funso lake.

Kuwerenga anthu, osati mizere

Pa tsamba lachiwiri la Excel tinapanga chithunzi cha ntchito yonse: anthu 18 m'mizere, makhodi m'makolamu. Ganizo loyala zinthu motere, munthu mbali ina ndi mutu mbali ina, ndi la njira imene Jane Ritchie ndi Liz Spencer anaifotokoza ku Britain mu 1994 pa kafukufuku wothandiza kupanga mfundo za boma, ngakhale kuti iwo m'timabokosimo amalembamo chidule cha mawu, pamene ife tinayamba ndi manambala. M'kabokosi ka B2 tinalemba fomula iyi n'kuikokera ponseponse, ndipo pansi pa kolamu iliyonse tinaika ziwiri zinazo:

```
=COUNTIFS(Zidutswa!$A:$A,$A2,Zidutswa!$E:$E,B$1)
=SUM(B2:B19)
=COUNTIF(B2:B19,">0")
```

Yoyamba imawerenga kuti munthu uyu watchula khodi iyi kangati. Yachiwiri imapereka zidutswa zonse za khodiyo. Yachitatu imapereka chiwerengero cha anthu amene anaitchula ngakhale kamodzi, ndipo imeneyi ndi imene ili ndi ntchito.

Kusiyana kwa manambala awiri omalizawa kunaonekera pa khodi ya AMISIRI-AMADULITSA. Inali ndi zidutswa 19, zochuluka ndithu moti ikanaoneka ngati mutu pawokha. Koma anthu ake anali atatu, ndipo zidutswa 14 zinali za bambo mmodzi amene anakangana ndi mmisiri ndipo ankabwerera ku nkhani yomweyo pa funso lililonse. Dandaulo lake ndi lenileni, sitinalitaye, koma linalowa m'ndemanga ya pansi pa tebulo, osati pa mitu.

Tsamba lomweli linayankhanso funso la mudzi C. SAKHULUPIRIRA-KOMITI inachokera kwa anthu 11: 5 a ku A, 5 a ku B, ndi mmodzi yekha wa ku C. KUSOWA-KWA-NYENGO inachokera kwa anthu 7 omwazikana m'midzi yonse, atatu mwa iwo a ku C. Titabwerera ku mafayilo a ku C tinapeza khodi yaing'ono imene sitinaiwerengere poyamba, AMAWERENGA-POYERA: anthu anayi ananena, aliyense payekha, kuti kumapeto kwa mwezi msungichuma amaima pamjigo n'kuwerenga mokweza amene apereka, zimene zagulidwa ndi zimene zatsala. Khodi ya zidutswa zochepa choncho ikanatayika tikanangoyang'ana kukula.

Kuchoka pa makhodi kufika pa mitu

Makhodi tinawalemba pa timapepala n'kuwayala patebulo la m'nyumba yodyera, n'kumawasuntha mpaka agwirizane. Tinatsala ndi mitu 4. Apa ndili ndi lamulo limene sindisuntha nalo: dzina la mutu likhale chiganizo chonena kanthu, osati dzina la nkhani. “Komiti” si mutu, ndi kabati yosungiramo zinthu. “Ndalama ikalowa ku komiti sioonekanso” ndi mutu, chifukwa munthu angathe kuuvomereza kapena kuutsutsa ndi umboni. Chizindikiro china cha mitu yosapsa n'chakuti imafanana ndendende ndi mafunso a pa pepala limene munapita nalo kumudzi. Zikatero ndiye kuti mwangosanja mayankho, simunasanthule.

Powerenga anthu a mutu wonse samalani. Simungaphatikize manambala a makhodi ake, chifukwa munthu mmodzi amapezeka m'makhodi angapo. Mutu woyamba uli ndi makhodi atatu amene anthu ake mukawaphatikiza amapitirira 18, koma anthu enieni ndi 12. Nayi mizere itatu yoyamba ya tebulo, mmene inalili tisanaimasulire:

| Mutu | Makhodi | Anthu | Mawu oimira | Wosiyana nawo |
|---|---|---|---|---|
| Ndalama ikalowa ku komiti sioonekanso | SAKHULUPIRIRA-KOMITI, ZINADYEDWA, PALIBE-MALISITI | 12 mwa 18 | “Chaka chatha tinasonkha miyezi yonse, mjigo utafa akuti m'thumba mulibe kanthu.” (wotunga madzi, B03:58) | “Ine ndimapereka basi. Walira mvula walira matope.” (wotunga madzi, A02:31) |
| Kusowadi ndalama kuli ndi miyezi yake | KUSOWA-KWA-NYENGO, GANYU | 8 mwa 18 | “Tikakolola sizivuta, koma Febuluwale munthu umayamba waganiza za ufa.” (wotunga madzi, C04:22) | “Amene amati alibe ndi omwewo chaka chonse.” (membala wa komiti, K2:47) |
| Ena amatunga osasonkha ndipo sawaletsa | ENA-SASONKHA, ABALE-A-AKULUAKULU | 8 mwa 18 | “Oumba njerwa amatunga migolo tsiku lonse, ife a ndowa imodzi ndi amene timafunsidwa.” (wotunga madzi, A04:40) | palibe |

Kusankha mawu oimira

Pa kolamu yachinayi ndi pamene ine ndi mnzanga tinatsutsana kwambiri. Agogo ena a ku mudzi A ananena mwambi uja wakuti walira mvula walira matope, ndipo mnzanga ankafuna kuti ukhale pamwamba pa tebulo chifukwa ndi wokoma ndipo owerenga adzaukumbukira. Kukoma ndiwokomadi. Koma agogowo ankatanthauza kuti amene anapempha mjigo avomere ndi mtolo wake, ndipo iwo amaperekabe ngakhale akudziwa kuti ndalama zina zimasowa. Izi n'zosiyana ndi zimene anzawo 12 ananena. Tikanauika ngati woimira, wowerenga akanatenga maganizo a munthu mmodzi n'kuwayesa a gulu. Malo ake oyenera anali kolamu yomaliza, ndipo kumeneko akugwira ntchito yaikulu: akuonetsa kuti si onse osakhulupirira komiti amene amaleka kupereka.

Mmene timasankhira ndi motere. Timasefa mizere yonse ya mutuwo, timaiwerenga, ndipo aliyense amalemba chiganizo chimodzi chonena zimene ambiri akunena. Kenaka timafunafuna chidutswa chimene chili pafupi kwambiri ndi chiganizocho ndipo chikumveka chokha popanda kuchifotokozera. Kawirikawiri chimakhala chosaoneka bwino, mawu wamba a munthu wamba. Tikamaliza mitu yonse timayang'ana zizindikiro za anthu amene tawagwira mawu. Pa tebulo lathu loyamba B03 anapezeka katatu, chifukwa ndi mayi wodziwa kulankhula, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa ku C. Tinakonza kuti munthu asapezeke koposa kamodzi pa mawu oimira.

Pa kudula mawu ogwidwa, timachotsa “eee” ndi kubwereza, koma sitilumikiza ziganizo zochokera malo otalikirana ngati kuti zinanenedwa pamodzi, ndipo tikadumpha kanthu pakati timaika timadontho titatu. Pa mawu a B03 tinasiya funso lomaliza lija lakuti “ndizingodyetsa anthu?” Ndinalikonda, koma linkaloza mlandu wa kuba umene ife sitinautsimikize, pamene chiganizo chimene tinasunga chikungonena zimene mayiyo anaona ndi kumva. Pomasulira, mnzanga anatembenuzira m'Chingelezi, ine ndinayerekeza ndi rekoda, ndipo m'tebulo lomaliza tinasunga zinenero zonse ziwiri moyandikana, kuti wodziwa Chichewa athe kutitsutsa.

Mwina mwaona kuti membala wa komiti ali ndi chizindikiro K2, osati cha mudzi. Poyamba tinali titalemba udindo wake, mudzi wake ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Koma pamudzi pali msungichuma mmodzi, ndipo ogwira ntchito a bungwe lotituma amawadziwa onse ndi mayina. Kuchotsa dzina kokha sikubisa munthu ngati zotsalazo zikumuloza. Choncho a komiti onse 4 ndi amisiri 2 tinawapatsa zizindikiro zatsopano zopanda mudzi, ndipo pepala lolumikiza zizindikirozo ndi anthu lili kwa ife tokha. Chidutswa china champhamvu kwambiri, chotchula chinthu chimene wina anagula mwezi umene ndalama zinasowa, sitinachiike n'komwe, chifukwa aliyense wa m'mudzimo akanadziwa wonena ndi wonenedwa yemwe.

Zimene tebulo limeneli silinena

Titapereka ntchito, mmodzi wa otitumawo anapempha kuti 12 mwa 18 tiisandutse peresenti kuti ilowe bwino mu lipoti lawo la pachaka. Tinakana, ndipo tinalemba chifukwa chake pansi pa tebulo. Anthu 18 aja sitinawasankhe mwa maere. Tinawasankha dala kuti timve magulu osiyanasiyana. Nambalayo ikungouza wowerenga kuti ganizolo si la munthu mmodzi kapena awiri mwa amene tinacheza nawo. Sikunena kuti anthu awiri mwa atatu aliwonse a m'deralo amaganiza choncho. Komanso amene sanatchule kanthu sikuti akutsutsa. Mwina macheza ake sanafikeko.

Anafunsanso ngati 18 ndi okwanira. Greg Guest ndi anzake awiri mu 2006 anasanthula macheza 60 a amayi a ku Ghana ndi Nigeria, ndipo anapeza kuti makhodi ambiri anali atatuluka kale pofika pa macheza 12. Anthu amakonda kutchula nambala imeneyi ngati lamulo, koma gulu lawo linali la anthu ofanana kwambiri. Kwa ife, pakati pa otunga madzi, mafayilo atatu omaliza sanabweretse khodi yatsopano, ndipo pa gulu limenelo ndili ndi chikhulupiriro. Pa amisiri ndilibe, chifukwa anali awiri ndipo sanagwirizane pa zambiri. Tinalemba poyera kuti tebulo lisagwiritsidwe ntchito ponena za amisiri.

Tebulo silinenanso kuti a komiti anadya ndalama. Likunena kuti anthu 12 sakuona kumene ndalama ikupita, ndi kuti kumene msungichuma amawerenga poyera dandaulo limeneli linamveka kwa munthu mmodzi. Mamembala awiri a komiti anatiuza kuti ndalama zinathera pa zipangizo ndi ulendo wokazigula ku boma, koma malisiti sanasunge, ndipo mawu awo ali m'tebulo lathunthu pansi pa mutu womwewo. Kuti tidziwe amene akunena zoona pakanafunika kuona mabuku a komiti, ndipo imeneyo sinali ntchito imene tinatumidwa.

Zidutswa zitatu zija zimene zinakana kulowa paliponse zonse ndi za mayi mmodzi wa ku mudzi B. Katatu konse anati ndalama alibe, ndipo katatu konse, nditafunsa mopitirira, anakhala chete kwa kanthawi n'kusintha nkhani. Ndinamveranso rekoda kangapo. Pachiwiri pake pakumveka chitseko chikutseguka, ndi mawu a mwamuna akupereka moni chapatali. Mu kolamu ya Ndemanga ndinalemba kuti mwina panali wina amene ankamumva, ndipo mizere itatuyo tinaisiya yopanda khodi. Mu lipoti tinapempha kuti ngati kudzakhale ulendo wachiwiri, mayiyu adzachezedwe ndi wofunsa wamkazi, kutali ndi pakhomo pake.